Kuyanjanitsa Antchito Awiri Osungirana Chakukhosi: Pamene Kumathandiza ndi Pamene Kumawononga

Mabwana ndi akapitawo ambiri amalephera pamalo amodzi. Anthu awiri atha miyezi asakupatsana moni, bwana watopa nawo, ndiye amawaitanitsa onse muofesi nthawi imodzi n'kunena kuti, "Ndinu akuluakulu, gwiranani chanza zithe." Amagwiranadi chanza chifukwa akuopa ntchito. Pakatha sabata ziwiri, miseche yayambiranso, ndipo tsopano aliyense ali ndi gulu lake. Malangizowa ndi a munthu amene wapatsidwa ntchito ya umkhalapakati kuntchito, kaya m'minda ya nzimbe ku Nchalo, pasukulu ku Ngabu, kapena paholoselo ku Bangula.

Tigwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Paholoselo ina ku Nchalo pali mayi wosunga makiyi a sitolo ya katundu ndi bambo woyendetsa lole yokasiya katundu m'magolosale mpaka ku Nsanje. Atha miyezi isanu ndi itatu akutumizirana mauthenga kudzera mwa anyamata opakira katundu, pomwe amagwira ntchito pabwalo limodzi.

## Zoyenera kukonza musanayambe

- Mkhalapakati amene onse awiri amuvomereza. Asakhale bwana amene amalemba makalata a chenjezo kapena kugawa ovataimu, asakhalenso mbale, wa mpingo umodzi kapena mnzake wa banki m'khonde wa mmodzi mwa awiriwo.
- Chipinda chotseka, chakutali ndi maso a anzawo. Pansi pa mtengo pamazizira bwino, koma mawu amayenda ndi mphepo.
- Nthawi: ola limodzi la munthu aliyense payekha, ndi maola awiri kapena atatu a tsiku lokumana onse. Ikhale nthawi ya ntchito, osati yodula pa nkhomaliro kapena pa tsiku lawo lopuma.
- Mipando itatu yofanana, madzi akumwa, kope ndi cholembera.
- Malamulo a pakampani kapena a pabungwe okhudza madandaulo ndi chilango, muwawerenge musanaonane ndi aliyense.
- Chilolezo cha bwana wamkulu chakuti zokambidwa m'chipindamo sizilowa m'fayilo ya munthu.

Kuno kuchigwa nthawi ya tsiku ndi nkhani yaikulu. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo munthu amene wakhala pansi pa malata masana onse sachedwa kupsa mtima. Ikani zokumana zonse m'mawa, isanakwane 10 koloko.

## Gawo 1: Pimani kaye ngati nkhaniyi ndi yoyanjanitsa

Apa ndi pamene pagona zonse, choncho musafulumire. Mkhalapakati sagamula mlandu. Safufuza kuti wolakwa ndani, sapereka chilango, sabwezera munthu ndalama. Ntchito yake ndi kuthandiza anthu awiri kugwirizana za mmene azigwirira ntchito limodzi kuyambira mawa. Ndiye nkhani iliyonse imene ikufuna chigamulo si yake.

Kuyanjanitsa kumagwira ntchito pamene awiriwo ali pa mlingo wofanana kapena woyandikana, onse akufunabe kukhala pantchitopo, ntchito yawo imawakakamiza kudalirana, ndipo chovuta chili pa kalankhulidwe, kagawidwe ka ntchito, kapena chakukhosi cha zinthu zakale zimene zinatha kale kufufuzidwa. Chofunikanso n'chakuti aliyense athe kukana popanda kuopa kuti ntchito imuthera.

Musayerekeze kuyanjanitsa pa nkhani izi.

Nkhanza zokhudza kugonana, monga kufunsira mokakamiza, kugwiragwira, kapena kulonjeza ntchito posinthana ndi thupi. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati umenewu ndi mlandu, ndipo wopezeka wolakwa angathe kulipira K1,000,000 ndi kukhala m'ndende zaka zisanu. Kumukhazika wodandaula pampando woyang'anizana ndi womuchitira nkhanza kuti "amvane" ndi kumuuza kuti nayenso ali ndi gawo pa zimene zamuchitikira. Nkhani yotere ipite ku ndondomeko ya madandaulo ya pantchitopo, ndipo wodandaulayo adziwitsidwe kuti angathenso kupita kupolisi, ku ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza.

Kumenyana kapena kuopsezana. Munthu akanena kuti "tionana panjira" ndipo mnzakeyo wasintha njira yopitira kunyumba, pamenepo palibe kukambirana kwaufulu.

Kuba, katangale kapena kunamiza mabuku zimene sizinafufuzidwe. Zimafuna umboni ndi chigamulo. Lamulo la Employment Act la 2000 limati munthu asachotsedwe ntchito chifukwa cha khalidwe kapena kagwiridwe kake ka ntchito asanapatsidwe mpata woyankhapo pa zimene akumunenera. Mpata umenewo umaperekedwa pa bwalo la chilango, osati m'chipinda cha mkhalapakati.

Kusiyana kwakukulu kwa mphamvu. Foromani amene amasankha olembedwanso ntchito nyengo yodula nzimbe ikafika, akakangana ndi wogwira ntchito ya nyengo, wamng'onoyo avomera chilichonse. Mudzaona ngati zatheka msanga, koma ndi njala imene yavomera.

Kunenerana ufiti. Kumachitika kuntchito kuposa mmene anthu amavomerezera, makamaka wina akakwezedwa mnzake n'kudwala. Lamulo la Witchcraft Act la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Bwana ayenera kuletsa mawuwo poyera komanso polemba. Kuyanjanitsa kungabwere pambuyo, wonenayo atabweza mawu ake, koma mkhalapakati asatsegule mtsutso wakuti walodza kapena sanalodze.

Pali mtundu wina umene umanamiza anthu ambiri: mkangano umene gwero lake ndi bwana. Aphunzitsi awiri olimbirana nyumba imodzi ya pasukulu, kapena anamwino awiri amene ndandanda ya mashifiti imawasemphanitsa sabata iliyonse, angathe kukhululukirana kakhumi, koma mawa nyumbayo idzakhalabe imodzi. Mukaona zotere, bwererani kwa bwana akonze kaye mbali yake.

Pa chitsanzo chathu pali msampha. Chidani chinayamba tsiku limene mabelo awiri a shuga anasowa pa katundu wa ku Nsanje, dalaivala n'kudulidwa malipiro. Nkhaniyo ikanakhala kuti ikadali poyera, sikanakhala yoyanjanitsa. Koma inafufuzidwa, zinapezeka kuti mabelowo sanapakiridwe n'komwe, anatsala m'sitolo, ndipo ndalama inabwezedwa. Chimene chatsala ndi bala la mumtima ndi kagwiridwe ka ntchito. Imeneyi ndi yoyanjanitsa.

## Gawo 2: Pemphani chilolezo cha aliyense payekha

Mupezeni munthu pamalo poti ena sakumva, mumuuze zinthu zitatu mwachidule: kuti simukubwera kudzaweruza, kuti ali ndi ufulu wokana kapena kusiya pakati, ndi kuti kuvomera sikumulanda ufulu wokadandaula kwa akuluakulu, ku yuniyoni kapena ku ofesi ya leba ya boma lake.

Nenaninso malire a chinsinsi pa tsiku loyambali. Mawu ake angakhale awa: "Zimene mundiuze sindikaziuza bwana kapena anzanuwo popanda chilolezo chanu. Koma mukandiuza zoti wina moyo wake uli pachiswe, kapena za mlandu waukulu, ndidzaimitsa zokambiranazi ndipo ndidzakuuzani kumene ndikupita nazo."

Chenjezo: musatumize kalata yolembedwa ngati samani. Munthu akaona kalata ya chidindo amabwera atakonzekera kudziteteza, ndi mboni zake kale.

## Gawo 3: Kumanani ndi aliyense payekha

Anthu ambiri amalumpha gawoli, ndipo ndi chifukwa chake amalephera. Munthu amene wasunga nkhani miyezi isanu ndi itatu ayenera kuitaya kaye pamalo poti mdani wake palibe. Akapanda kutero, adzaitayira pa tsiku lokumana.

Musiyeni alankhule mphindi khumi ndi zisanu kapena kuposerapo osamudula. Kenaka funsani mafunso ofuna zochitika, osati makhalidwe. Akati "mayi aja ndi onyada," funsani kuti, "Tsiku lomaliza limene munaona kunyadako, anachita chiyani kwenikweni?" Dalaivala wa m'chitsanzo chathu akuyankha kuti amafika 5 koloko m'mawa kuti anyamuke kusanatenthe, poopa matayala ndi injini panjira ya ku Nsanje, koma sitolo imatsekulidwa 7:30, ndipo mayiwo akafika amayamba kusesa iye ali chiimire. Mayiwo, pa nthawi yawo, akunena kuti ntchito yawo imayamba 7:30 monga mwa kalata yawo, amachokera kutali pa kabaza, ndipo chichokere nkhani ya shuga ija dalaivala amawatchula kuti "mbava ya makiyi" pamaso pa anyamata opakira, m'Chisena, poganiza kuti iwo sakumva.

Taonani kuti tsopano muli ndi zinthu zogwirika: nthawi yopakira, kawerengedwe ka katundu, ndi dzina lachipongwe. Izi n'zotheka kukonza. "Kunyada" sikukonzeka.

Musanatseke, funsani mafunso awiri. Loyamba: "Zitati zakonzeka, Lolemba m'mawa pangakhale chiyani chosiyana ndi lero?" Lachiwiri: "Pa zimene mwandiuzazi, ndi ziti zimene simukufuna kuti anzanuwo amve?" Zimenezo zilembeni padera ndipo muzisunge ndithu.

Gawoli ndi sefa yachiwirinso. Mayiwo akanati dalaivala anayamba kuwada atamukana chibwenzi, mukanaimira pomwepo n'kubwerera ku Gawo 1. Zizindikiro zina zoti muime ndi izi: munthu akunjenjemera kapena kulira akangomva zokumana ndi mnzakeyo, akufunsa mobwerezabwereza ngati bwana akwiye iye akakana, kapena chimene akufuna n'chimodzi chokha, kuti mnzakeyo achotsedwe.

Onanani ndi onse awiri tsiku limodzi kapena masiku otsatizana, ndipo muwapatse nthawi yofanana. Mukakhala ola ndi theka ndi wina, mphindi makumi awiri ndi mnzake, pabwalo adziwa dzuwa lisanalowe.

## Gawo 4: Tsegulani tsiku lokumana

Lisapitirire sabata imodzi kuchokera pa zokumana za payekha. Ikani mipando ngati mafuwa atatu, popanda desiki pakati, ndipo aliyense akhale poti angathe kutuluka osadutsa pamiyendo ya mnzake. Mafoni azimitsidwe, kujambula mawu ayi.

Gwirizanani chiyankhulo. Kuchigwa kuno wina amamasuka m'Chisena, wina m'Chimang'anja, wina wochokera kumtunda amangodziwa Chichewa cha ku Lilongwe. Munthu akapsa mtima amathawira ku chiyankhulo cha kwawo, ndiye ngati mmodzi mwa atatunu sachimva bwino, nenani poyamba kuti mawu otere azimasuliridwa nthawi yomweyo. Gwirizananinso za maitanidwe: "bambo" ndi "mayi", kapena "achimwene" ndi "achemwali", ndipo "iwe" asamveke.

Ambiri amafuna kuyamba ndi pemphero. Ngati onse avomera palibe vuto, koma likhale lalifupi, lisasanduke ulaliki wa kukhululuka, chifukwa wolakwiridwa amamva ngati mlandu wamugwera kale.

Malamulo akhale atatu basi: wina akamalankhula mnzake adikire, palibe kutukwana kapena kutchula mtundu wa munthu, ndipo aliyense angathe kupempha kupuma.

## Gawo 5: Aliyense afotokoze, mnzake abwereze

Patsani aliyense mphindi khumi. Amene anayamba kudandaula ndiye ayambe, ndipo nenani chifukwa chake kuti pasaoneke kukondera. Akamaliza, musafunse winayo kuti "mukuyankhapo bwanji?" Funsani kuti, "Mwamva kuti anzanuwa akudandaula chiyani? Tanenani m'mawu anu." Poyamba zimaoneka zachibwana, koma zimagwira. Dalaivala akakakamizika kunena ndi pakamwa pake kuti, "Mayiwa akuti ndimawatchula mbava pamaso pa anyamata," mawuwo amamulemera mosiyana ndi mmene amamvekera pa lole.

Ntchito yanu pano ndi kuchotsa minga m'mawu osataya nkhani. Wina akati, "Munthuyu ndi waulesi, amafuna ndifere panjira," inu munene kuti, "Bambo, mukuti mukanyamuka mochedwa mumayenda dzuwa lili pamutu, ndipo mumaopa ngozi. Ndi choncho?" Musafewetse mpaka nkhani kutha mphamvu. Ngati munthu anapwetekedwa, mawu akuti "anapwetekedwa" amveke.

Mawu akakwera, musathamangire kuzimitsa. Kukweza mawu pang'ono ndi chizindikiro chakuti afika pa nkhani yeniyeni. Imitsani pokhapokha wina akaimirira, akaloza chala kumaso, kapena akayamba kutukwana. Pamenepo pumani mphindi khumi, mulankhule ndi aliyense payekha, onse awiri, ngakhale wolusa ali mmodzi.

Chete nayenso musamuope. Pa chitsanzo chathu, mayiwo atanena kuti tsiku la shuga lija anawerengadi molakwa chifukwa anali okha m'sitolo, ndipo anachita manyazi kukapepesa, pangathe kudutsa mphindi yathunthu popanda wolankhula. Mkhalapakati wosazolowera amadzaza mpatawo ndi malangizo ake, n'kuwononga. Ingokhalani, yang'anani pa kope lanu.

## Gawo 6: Sankhani mfundo zochepa, mufunefune njira

Lembani nkhani zosapitirira zitatu kapena zinayi, m'mawu osaloza munthu: nthawi yopakira, kawerengedwe ka katundu, kalankhulidwe pamaso pa anyamata. Yambani ndi yosavuta kuti alawe kugwirizana.

Njira zichoke kwa iwo. Inu muzingofunsa kuti, "Zingatheke bwanji kuti lole inyamuke 5:30 popanda mayiwa kufika usiku?" Akasinkhasinkha, mmodzi adzanena yekha kuti katundu apakiridwe madzulo a dzulo lake. Yesani njirayo ndi mafunso ovuta: lole yodzaza igona kuti, mlonda alipo, nanga lole ikabwera mochedwa kuchokera ku Blantyre itavutika pa chitunda cha Thabwa, nanga miyezi ya mvula msewu ukaduka ndi madzi osefukira? Mgwirizano umene sunaganizire Januwale ndi Febuluwale kuchigwa kuno sufika Malichi.

Zina sizili m'manja mwa awiriwo. Kugoneka lole yodzaza pabwalo kumafuna chilolezo cha mwini holoselo. Zotere zilembeni padera ngati pempho la onse awiri kwa bwana.

Za kupepesa: musakakamize. Kupepesa kolamulidwa kumanunkha, ndipo wolandirayo amadziwa. Kukabwera kokha, kulandireni osakuchemerera. Kukapanda kubwera, mgwirizano ungayendebe. Simukufuna kuti awiriwa azidyera mbale imodzi, mukufuna katundu afike ku Nsanje wokwanira popanda wina kunyozedwa.

## Gawo 7: Lembani mgwirizano wooneka ndi maso

Mfundo iliyonse inene kuti ndani, achita chiyani, liti. "Tizilemekezana" si mfundo, chifukwa palibe angatsimikize kuti yasweka. Wa chitsanzo chathu ungakhale wotere:

1. Katundu wa ku Nsanje azipakiridwa pakati pa 3 koloko ndi 4:30 madzulo a tsiku lotsogola ulendo.
2. Onse awiri aziwerenga katundu limodzi pakhomo la sitolo ndi kusaina pepala la katundu lole isanatsekedwe.
3. Pakapezeka kusiyana kwa chiwerengero, wozindikira aziimbira mnzake foni tsiku lomwelo asanauze wina aliyense.
4. Palibe kutumizirana uthenga wa ntchito kudzera mwa anyamata opakira, ndipo dzina lachipongwe lija lisamvekenso m'chiyankhulo chilichonse.
5. Lole ikachedwa kupitirira 4:30, kupakira kuzichitika 7:30 m'mawa ndipo dalaivala aziuza yekha makasitomala.

Onetsetsani kuti mgwirizanowo sunalemere mbali imodzi. Ngati mfundo zinayi mwa zisanu zikulamula munthu mmodzi, ndiye kuti mwagamula mlandu mosadziwa. Werengani mokweza, aliyense asaine ndi kutenga pepala lake. Gwirizanani zimene bwana auzidwe, nthawi zambiri ndi mfundo zokhudza ntchito zokha, komanso chiganizo chimodzi chimene onse aziyankha anzawo akafunsa, monga "takambirana, zatha." Zolemba zanu za pa zokumana za payekha zing'ambeni.

## Gawo 8: Bwererani kukaona

Ikani masiku pa pepala lomwelo: pakatha sabata ziwiri, kenaka pakatha sabata zisanu ndi imodzi. Yambani ndi mphindi khumi kwa aliyense payekha, kenaka onse pamodzi. Kuterereka kamodzi n'kwachibadwa, konzani mfundo imene yavutayo. Koma ngati mmodzi waswa mfundo zomwezomwezo katatu ndipo sakuonetsa kufuna kusintha, umkhalapakati watha. Bwezani nkhani kwa bwana, amene angasinthe mashifiti, kusamutsa mmodzi, kapena kuyamba ndondomeko ya chilango. Pobweza, nenani kuti sizinatheke basi, osaulula zimene munamva m'chipinda.

## Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kudikira mpaka mkangano utakula ndiye cholakwika chofala. Matako saleka kuperesana, ndipo si kukangana kulikonse kofuna mkhalapakati, koma anthu akayamba kutumizirana mauthenga kudzera mwa ena, nthawi yakwana. Pakatha chaka, aliyense amakhala ndi omutsatira amene safuna kuti zithe.

Kuitana mboni ndi khamu. Kumudzi nkhani imakambidwa pabwalo, ankhoswe ndi anthu ali pomwepo, ndipo kumeneko zili ndi malo ake. Kuntchito khamu limachititsa munthu kulankhula kuti asachite manyazi, osati kuti zikonzeke. Ngati wina akufuna womuperekeza, monga nthumwi ya yuniyoni, mnzakeyo adziwitsidwe pasadakhale ndipo naye aloledwe kubwera ndi wake.

Kugamula potengera msinkhu. Mawu akuti "awa ndi akulu, pepesani basi" amatseka pakamwa pa wamng'ono koma satseka nkhani. Ulemu usungidwe pa maitanidwe, osati pa zotsatira.

Kugwiritsa ntchito kuyanjanitsa pofuna kukwirira dandaulo. Wogwira ntchito akalemba dandaulo, bwana n'kumuuza kuti "tiyeni tingokambirana" kuti pepalalo lisafike kumtunda, ndiye kuti akumubera ufulu. Madandaulo ena ali ndi malire a nthawi: wochotsedwa ntchito mopanda chilungamo ali ndi miyezi itatu yokadandaula kwa mkulu wa ofesi ya leba, ndipo nkhani ikakanika kumeneko imapita ku khoti la Industrial Relations Court. Zokambirana zisamudyere munthu masiku amenewa.

Chomaliza ndi pakamwa pa mkhalapakati mwini. Matauni a kuchigwa ndi ang'onoang'ono, ndipo amene mwamuuza "pang'ono chabe" pa bawo madzulo ndi mlamu wake wa mnyamata wopakira katundu. Mawa m'mawa nkhani ya mabelo a shuga idzakhala itafika pa lole inu musanafike kuntchito.